Kuthokoza mphunzitsi mnzanu amene anakusenzerani kalasi mwana ali m'chipatala

Funso: Ndine mayi, mphunzitsi wa Sitandade 6 pasukulu ina yapulayimale m'boma la Dedza. Sabata ya mayeso otsekera teremu yachiwiri mwana wanga anagonekedwa m'chipatala ndi malungo aakulu, ndipo ndinamudikirira kumeneko masiku asanu ndi limodzi. Mphunzitsi mnzanga wa Sitandade 7, bambo wamkulu kwa ine, analembetsa mayeso ana a m'kalasi mwanga, anachonga mapepala 84 a Masamu, nanditumizira K20,000 pa Mpamba. Pambuyo pake anandilembera uthenga wakuti, "Mwana ali bwanji? Za kusukulu musade nazo nkhawa, zonse zatheka." Papita masiku asanu ndi anayi ndisanayankhe, chifukwa chilichonse chimene ndalemba chikundionekera chochepa. Ndiwayankhe bwanji?

Yankho: Mayi, choyamba tengani foni lero lomwe dzuwa lisanalowe, muyankhe funso limene bambowo anafunsa. Iwo anafunsa za mwana, ndipo munthu amene wafunsa za wodwala koma osamva kanthu kwa masiku asanu ndi anayi amayamba kuganiza chimodzi mwa zinthu ziwiri, kuti matenda akula kapena kuti pali pamene analakwitsa pogwira ntchito yanu. Uthenga woyambawu usadikire kuti mawu okoma apezeke, ndipo ziganizo zitatu n'zokwanira: "Aphunzitsi, pepani kuti ndachedwa kuyankha. Mwana anatuluka m'chipatala ndipo tsopano wayamba kudya ndi kusewera. Ndathokoza kwambiri pa zonse munandichitira, ndikulemberani bwino m'masiku awiri akubwerawa." Mukatumiza zimenezi mudzaona kuti katundu amene wakulemerani wapepuka, pakuti chimene chikukuvutitsani kwambiri panopa ndi kuchedwako, ndipo tsiku lililonse limene ladutsa lakhala likukuuzani kuti yankho liyenera kukula kuti lilipire masiku otayikawo. Ngati sukulu yatsekera kale, musanene kuti mudzawathokoza pamaso teremu yachitatu ikadzatsegulira, chifukwa pofika nthawi imeneyo nkhani ya m'chipinda cha aphunzitsi idzakhala mayeso a Sitandade 8, ndipo kuthokoza kwanu kudzafika kutazizira.

Yankho lenileni libwere pambuyo, ndipo ine ndingasankhe kuti likhale kalata yolemba pamanja ya tsamba limodzi. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa kalembedwe ka makalata ndi kuyang'anira aphunzitsi, ndaona kuti anthu amene amalemba ndi kufufuta monga mukuchitiramu amakhala akuyeza mawu awo pasikelo imodzi ndi ntchito imene anachitiridwa, ndiye mawu amapepuka nthawi zonse. Mukalemba "zikomo" mumaona kuti wachepa, mukawonjezera "kwambiri" achepabe, mpaka mufike pa "ndasowa chonena" ndi "mawu andithera", amene ndi mawu oona koma amalembedwa ndi aliyense kwa aliyense. Kalata yothokoza siingalipire ntchitoyo ndipo bambowo sakuyembekezera kuti ilipire. Ntchito yake ndi kuwasonyeza kuti munaona chimene anachita ndi chimene chinawadyera, ndipo zimenezi zimatheka potchula zinthuzo ndi mayina ake.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti nkhani yake ndi ya Masamu. Pepala limodzi la mwana wa Sitandade 6, kuliwerenga, kutsata njira imene wasovera, kuwonkhetsa malikisi ndi kuwalemba pamndandanda, tingati limatenga mphindi zisanu. Mapepala 84 ndiye kuti ndi mphindi 420, amene ndi maola asanu ndi awiri osadzuka pampando, ndipo maola amenewa anagwera munthu amene anali ndi mulu wake wa Sitandade 7 woti achonge sabata yomweyo. Polembetsa mayeso, makalasi awiri sangayang'aniridwe ndi munthu mmodzi popanda kuyendayenda, kupempha wina kuti aponye diso uku iye ali uko, kapena kusintha nthawi. Inu mukudziwa zonsezi chifukwa ndi ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, ndipo ndi chifukwa chake chiganizo chakuti "munachonga mapepala 84 a ana anga pamwamba pa anu" chimalemera kuposa ndime yonse ya mawu otamanda. Chenjezo langa pano ndi lakuti mutchule zokhazo zimene mukuzidziwa. Musalembe kuti anachezera usiku ndi tochi kapena kuti anasiya kumunda ngati palibe anakuuzani, chifukwa munthu akatamandidwa pa chinthu chimene sanachite amachita manyazi, ndipo amayamba kukayika ngati zina zonse munalembazo zinachokeradi pansi pa mtima.

Vuto lina limene limawononga makalata otere ndi mawu akuti "pepani". Ife tinaleredwa kuti tikasenzetsa mnzathu katundu tizipepesa, ndipo ndi ulemu wabwino, koma m'kalata yothokoza mawuwa akachuluka amatembenuza nkhani. Mukalemba kuti "pepani ndinakuvutitsani, pepani ndinakutayitsani nthawi, pepani ndinakusiyirani chintchito", mwawapatsa bambowo ntchito yatsopano yokutonthozani, ndipo adzayenera kuyankha kuti simunalakwe, kuti matenda sachita kuitana, ndi zina zotero. Komanso mwasandutsa chinthu chimene iwo anachita mwa kufuna kwawo kukhala ngati chinthu chimene munawakakamiza. Pepesani kamodzi kokha, pa chinthu chimene chilidi cholakwa chanu, kumene ndi kuchedwa kuyankha, ndipo popeza mwapepesa kale mu uthenga wa pafoni uja, m'kalatamo mukhoza kungokhudzapo ndi theka la chiganizo. Kudikirira mwana wodwala si mlandu wopepesera.

Za mtundu wa kalata, inu mumaphunzitsa ana kusiyanitsa kalata yamchezo ndi kalata yantchito, ndipo iyi ili pakati. Siifuna keyala ya wolandira kapena mutu wodula mzere kunsi, chifukwa ikatero idzamveka ngati yochokera ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Koma siifunanso malonje aatali aja akuti "choyamba ndifuna kudziwa za moyo wanu, kunena ine kuno ndili bwino", pakuti mumaonana pafupifupi tsiku lililonse ndipo onse mukudziwa kuti kwanu sikunali bwino. Lembani tsiku pamwamba, kenako malonje. Popeza ndi bambo wamkulu kwa inu, ndipo inu ndi mayi, mawu akuti "Okondedwa" ndingawasiye, ngakhale kuti m'makalata ambiri alibe vuto. Lembani kuti "Aphunzitsi" kapena "Bambo" motsatana ndi dzina limene mumawaitanira pasukulu. Ngati mukudziwa mfunda wawo, ugwiritseni ntchito pamalo amodzi, pamene pali kuthokoza kwenikweni, chifukwa kwathu kuno munthu akalandira chinthu amathokoza potchula mfunda, kuti "Zikomo Phiri" kapena "Zikomo Jere", ndipo kumeneko ku Dedza, kumene Achewa ndi Angoni akhalira limodzi nthawi yaitali, bambo wachikulire adzamva kulemera kwa mawu amenewo kuposa mmene angamvere "zikomo kwambiri" khumi.

Nayi kalata imene mungaitenge ngati poyambira, musinthe kuti igwirizane ndi zimene zinachitikadi.

"Aphunzitsi, ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni bwino, popeza uthenga wa pafoni uja unali wongokudziwitsani za mwana. Iye akupezako bwino tsiku ndi tsiku, ndipo dzulo anapempha yekha nsima. Sabata ya mayeso ija, ine ndili kuchipatala, munalembetsa mayeso ana a Sitandade 6 ndipo munachonga mapepala awo 84 a Masamu pamwamba pa mapepala a kalasi yanu. Ntchito imeneyi ndikuidziwa kukula kwake, ndipo ndikudziwa kuti nthawi yake munaichotsa pa nthawi yanu yopuma ndi ya banja lanu. Chifukwa cha inu, ana anga analemba mayeso pamodzi ndi anzawo, ndipo ine ndinatha kukhala pambali pa bedi la mwana mtima uli pamalo amodzi. Ndalama munatumiza zija zinafika tsiku limene ndinalibe yogulira chakudya cha wodwala ndi cha ine womudikirira, ndipo zina zinatikweza galimoto pobwerera kunyumba. Uthenga wanu wakuti zonse zatheka ndinauwerenga usiku m'wodi, ndipo aka kanali koyamba sabata imeneyo kuti ndigone osaganiza za kusukulu. Zikomo Phiri. Mundithokozerekonso kwa mayi kunyumba, chifukwa ndikudziwa kuti zimene munandipatsa zinachoka pakhomo panu nonse. Bambo a kunyumba kuno akupereka moni ndi kuthokoza kwawo. Mulungu abwezere pamene mwachotsa. Ine mnzanu pantchito."

Muone kuti kalatayi yayamba ndi mwana ndipo yamusiya msanga. Nkhani ya kuchipatala ili ndi zambiri, za kutentha thupi, za madiripi, za usiku umene munaganiza kuti mwanayo sawona m'mawa, ndipo mtima umafuna kuzitulutsa zonse kwa munthu amene wasonyeza chifundo. Zimenezo mudzawafotokozera pakamwa akadzafunsa. Zikalowa m'kalata, kalatayo imasanduka mbiri ya mavuto anu, ndipo munthu wothokozedwayo amangotulukira kumapeto ngati mlendo. Chimene chiyenera kutenga malo aakulu ndi zochita zawo ndi zotsatira zake, ndiye chifukwa chake ndalemba za ana amene analemba mayeso pamodzi ndi anzawo komanso za usiku umene munagona. Munthu wothandiza nthawi zambiri sadziwa kuti thandizo lake linakafika pati. Bambowo akudziwa kuti anatumiza K20,000, koma sakudziwa kuti inagula chiyani, ndipo mukawauza mwawapatsa chinthu chimene sakanachipeza kwina kulikonse. Muonenso kuti chiwerengero cha mapepala ndachitchula koma cha ndalama ndachisiya dala, pakuti kulemba kuchuluka kwa ndalama m'kalata yothokoza kumaipangitsa kuoneka ngati lisiti.

Chiganizo chothokoza mayi a kunyumba kwawo musachichotse. Malipiro a mphunzitsi ali ndi eni ake ambiri mwezi usanathe, ndipo ndalama imene yatuluka pakhomo yatuluka m'manja mwa anthu awiri, ngakhale wotumiza akhale mmodzi. Palinso chifukwa china chimene sitiyenera kuchita nacho manyazi. Sukulu zathu zambiri aphunzitsi amakhala m'nyumba zoyandikana, ndipo kalata yochokera kwa mphunzitsi wamkazi kupita kwa mphunzitsi wamwamuna imakhala ndi owerenga ambiri kuposa amene analemberedwa. Lembani kalata imene bambowo angaisiye patebulo mkazi wawo naiwerenga mosangalala. Pa chifukwa chomwecho, uthenga wa pafoni utumizeni masana, ndipo mawu monga "simudzachoka mumtima mwanga" kapena "palibe wina anandiganizira ngati inu" muwasiye, ngakhale mukuwanena ndi mtima woyera. Ngati muli pabanja, moni wa amuna anu ulowe monga ndalemberamo, ndipo ngati simuli pabanja, tchulani amayi anu kapena achibale amene munali nawo kuchipatala, kuti kuthokozako kuchokere kubanja kupita kubanja.

Mawu aja akuti "palibe wina anandiganizira" ali ndi vuto lachiwiri. Sabata ngati imeneyo imaonetsa amene anathandiza ndi amene anangoyang'ana, ndipo n'kutheka kuti muli ndi kakudandaula ndi aphunzitsi ena kapena ndi akuluakulu a pasukulupo. Kalata yothokoza si malo ake. Mukayamikira munthu pomuyerekeza ndi ena amene sanachite kanthu, mwamuika pakati pa mkangano umene iye sanaufune, ndipo pepala limakhalitsa kuposa mkwiyo. Mwinanso ena anathandiza m'njira imene simunaione, monga amene anayang'anira Sitandade 7 pamene bambowo anali m'kalasi mwanu, choncho ndi bwino kuwafunsa kuti, "Kodi alipo ena amene anakuthandizani kuti ndiwathokozenso?"

Tsopano za ndalama, pamene anthu ambiri amapunthwa. Mwa chikhalidwe chathu, chimene munthu wapereka pozonda wodwala sichibwezedwa, monga momwe chipepeso cha pamaliro sichibwezedwera, ndipo poti simunawapemphe ngongole ndiponso uthenga wawo sunanene za kubweza, ine ndikuiona ngati mphatso. Chinthu choipitsitsa chimene mungachite ndi kudikira malipiro a mwezi uno n'kuwatumizira K20,000 pa Mpamba mwakachetechete. Iwo adzangoona uthenga wa ndalama pafoni, ndipo adzamva kuti mwakana ubale umene anakupatsani. Komabe ndalamayo si yochepa kwa mphunzitsi, ndipo zimachitika kuti munthu watumiza ndalama imene anasungira fizi kapena feteleza ali ndi chiyembekezo chakuti idzabwerera, koma ulemu wamuletsa kunena. Njira yake ndi kufunsa pakamwa, muli awiri kapena pali mkazi wawo, kalata itafika kale: "Aphunzitsi, ndalama ija inandithandiza kwambiri, ndipo sindikufuna kuti ikusiyireni dzenje pakhomo. Kodi ndingabwezeko mwezi ukatha?" Akayankha msanga ndi mtima wonse kuti "ayi, imeneyo inali ya phala la mwana", nkhani yathera pomwepo ndipo musadzaibwerezenso. Akayankha kuti "musafulumire" kapena "mudzaona mukadzapeza bwino", dziwani kuti inali ngongole yaulemu, ndipo mutchule nokha tsiku limene mudzabweze, kaya ndi theka mwezi uno theka mwezi wamawa, n'kulisunga tsikulo.

M'kalata yachitsanzo ija mulibe lonjezo, ndipo ndachita dala. Anthu amakonda kutseka ndi mawu akuti "sindidzatha kukubwezerani" kapena "chilichonse mungadzafune mudzangonena". Oyambawo amakusandutsani wangongole wamuyaya, zimene zimachititsa kuti muzidzawazemba m'chipinda cha aphunzitsi chifukwa cha manyazi, ndipo achiwiriwo ndi otakata kwambiri kotero kuti bambo waulemu sadzawagwiritsa ntchito. Iwo akudziwa kale kuti kupatsa n'kuika, simufunika kuwakumbutsa. Ngati mukufuna kuchitapo kanthu, sankhani chinthu chimodzi chooneka ndipo muchinene nthawi yake ikakwana, mwachitsanzo kuti pa mayeso a teremu yachitatu mudzawachongere phunziro limodzi, kapena kuti sabata yawo yoyang'anira pasukulu mudzaitenge inu. Mphatso yaing'ono yopita nayo kunyumba kwawo ndi yoyenera, kaya nkhuku, kaya ndowa ya mbatata ya kachewere poti muli ku Dedza, ndipo ndi bwino kupita ndi mwanayo akalimba kuti amuone ndi maso. Mphatsoyo isafanane mtengo ndi ndalama ija, chifukwa ikafanana idzaoneka ngati kubweza kobisa.

Pali zotsala za ntchito zimene siziyenera kulowa m'kalata. Munthu wochonga mapepala 84 a kalasi imene si yake, mothamanga, akhoza kuphonya powonkhetsa kapena kusinthanitsa malikisi a ana awiri a mayina ofanana, ndipo udindo wa kalasiyo ukadali wanu. Onaninso mapepalawo ndi mndandanda wa malikisi mwakachetechete. Mukapeza cholakwika chaching'ono, chikonzeni nokha osanena kanthu. Mukapeza chimene chikusintha nambala ya mwana m'kalasi kapena chimene kholo lingadzafunse, kambiranani tsiku lina ngati nkhani wamba ya ntchito, kutali ndi tsiku la kalata, chifukwa chiganizo chimodzi chakuti "koma pa pepala la uje munaphonya" chimafufuta tsamba lonse la kuthokoza.

Za kuwayamikira kwa mphunzitsi wamkulu kapena pamsonkhano wa aphunzitsi, ndi chinthu chabwino ndipo chingawathandize, koma yambani mwawafunsa. Ena sakonda kutchulidwa pagulu, makamaka pa nkhani ya ndalama, poopa kuti mawa aliyense wovutika adzagogoda pakhomo pawo, choncho pagulu tchulani za mayeso zokha. Ndiponso muyenera kudziwa ngati zimene anachitazo zinadutsa kwa mphunzitsi wamkulu. Ngati anagwirizana kuti iwo atenge kalasi yanu, palibe chobisa. Koma ngati pofuna kukutetezani anachita china chimene malamulo a ntchito salola, monga kukusainirani m'buku la nthawi yofikira pantchito masiku amene munalibe, chimenecho musachilembe papepala kapena pa WhatsApp ngati chinthu choyamikira. Pitani nokha kwa mphunzitsi wamkulu ndi chikalata cha kuchipatala, mukonze za masiku amene munajomba, kuti chifundo cha mnzanu chisadzamubweretsere mlandu.

Yankho lawo lidzakuuzani mmene kalatayo yafikira. Akayankha ndi ndime yaitali yokulimbitsani mtima kuti simunalakwe, ndiye kuti kupepesa kunachuluka. Akayamba kukupewani kapena kuyankha mwachidule mosiyana ndi kale, onani ngati simunawatamande mopitirira kapena kuwatchula pagulu asanavomere. Kawirikawiri bambo wotere adzangoti, "Zikomo mayi, n'zochepa, chachikulu mwana wachira." Pamenepo musayambenso kutsutsa kuti sizinali zochepa, kapena kutumiza uthenga wina wothokoza chifukwa cha yankho lawo. Vomerani ndi mawu amodzi, ndipo mukadzakumana pasukulu muwapatse moni monga mwa masiku onse, muwauze mmene mwana wagonera, kenako mufunse kumene anaika mapepala a Masamu aja.